Bedishiti Amapinda Awiri

Ku kampani yochapa nsalu ija, kuseri kwa malo ogulitsira matayala, aliyense ankawaitana kuti Mai Simbi. Dzina lawo lenileni linkangodziwika ku banki. Analowa ntchito ali mtsikana, nthawi imene nsalu zonse ankasita pamanja, ndipo zipsera za pa mkono wawo zinkachitira umboni. Makina ositira atabwera simbi inapita pa shelefu, koma dzina linakanirira. Anali mayi wamfupi, wa mapewa, wosakonda zoyankhulayankhula. Akakwiya sankakalipa, ankangopinda nsalu mofulumira kwambiri.

Ntchito yake inali yosavuta kuimvetsa. M'mawa galimoto inkabwera ndi matumba a nsalu zakuda kuchokera ku mahotela ndi ku chipatala china cholipira. Ena ankasankha, ena n'kuponya m'makina ochapira, ena n'kuumitsa. Kumapeto kwa mzere, pamene mabedishiti ankatuluka m'makina ositira akutentha ngati achoka pamoto, ndi pamene panali Mai Simbi. Tawulo umapinda wekha, koma bedishiti yaikulu amapinda anthu awiri. Wina agwira nsonga ziwiri uku, wina uko, mukoka, mukutumula, kenako muyenda kukakumana pakati mpaka zala zanu zikhudzane, wina alandira nsonga zonse, winayo awerama kutola m'munsi. Mukapanda kumvana, nsalu imakhudza pansi, ndipo ikakhudza pansi imabwerera kochapa.

Mnzawo wopinda naye anali Wailesi. Dzinalo anamupatsa chifukwa pakamwa pake sipankazima. Anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zambiri, ndipo ndi iwowo amene anamupezera ntchitoyo mwamuna wake atamuthawa n'kumusiyira ana. Iye ankati asisi, iwo ankati mng'ono wanga, moti obwera kumene ankayesa kuti ndi a bere limodzi. Ankapinda osayang'ana nsalu, Wailesi akuulutsa nkhani za m'kampani monse, Mai Simbi akungoti, "Bodza iwe," uku akuseka.

Chimene Mai Simbi ankakhalira moyo chinali chimodzi, ndipo sankabisa. Pa kampanipo panali pangano loti munthu akagwira ntchito mpaka kupuma bwinobwino, amapatsidwa ndalama za zaka zake zonse. Iwo zaka zawo zinali zitapitirira makumi atatu, ndipo kupuma kunali kutayandikira. Kunja kwa tauni anali ndi kapuloti, pomwe panali nyumba ya njerwa yofika pa mawindo, yopanda denga, udzu utamera m'chipinda chogona. Ndalama za zakazo ndiwo anali malata ake. Amuna awo, kalipentala amene matenda a sitiroko anamupha mkono ndi mwendo, ankakhala pakhomo la nyumba ya lendi n'kumawerengera mitengo ya denga pamtima. Koma pangano lomwelo linali ndi mano: wojomba kuntchito masiku angapo otsatizana popanda chilolezo ankatengedwa kuti wadzichotsa yekha, ndipo ndalama za zaka ankazisiya pageti. N'chifukwa chake Mai Simbi sankajomba. Malungo ankadwalira pa makina.

Mavuto anayamba mwini kampani atamwalira, mwana wake n'kutenga mpando. Bwana wamng'onoyo anali munthu waulemu, wonunkhira bwino, wodziwa kunena pepani. Mwezi woyamba malipiro anachedwa ndi sabata, iye n'kuima pakati pa makina kufotokoza kuti mahotela sanalipire. Anthu anamumvetsa. Mwezi wachiwiri anachedwa mpaka pakati pa mwezi wina, n'kubwera theka. Wachitatu kunangoti zii. Bwanayo anasiya kulowera khomo lakutsogolo, ndipo uthenga unkabwera kudzera mwa Kapitawo: Lachisanu. Lachisanu likafika, ati banki yavuta, tiyeni Lachiwiri. Inetu ndimati munthu akakuuza kuti alibe, wakulemekeza. Wokuuza kuti Lachisanu ndiye mfiti, chifukwa nawe umakauza eni nyumba kuti Lachisanu, wapagolosale Lachisanu, ndipo bodza lake limatulukira pakamwa pako.

Amene sanagwirepo ntchito yosalandira amayesa kuti vuto ndi njala yokha. Ayi ndithu. Vuto ndi loti ntchito nayo imadya ndalama. Kuti ufike kuntchito pafunika ya basi, sopo wochapira yunifolomu, kanthu ka m'mimba kuti usagwe pa makina. Ukajomba, Kapitawo akudula tsiku pa malipiro omwe sunawaone n'komwe. Ukati usiye, ndalama zako zonse zimene zili m'manja mwawo uzikazitsatira uli kunja kwa geti, ndipo wakunja kwa geti salandira msanga. Ndiye umangobwera, ngati munthu amene mbuzi yake yalowa m'khola la eni.

Mai Simbi anali ndi ngongole ya ku banki, yomwe anagulira njerwa. Banki sidziwa zoti bwana wavutika. Tsiku lake likakwana inkapita ku akaunti kukadula, n'kupeza mulibe kanthu, n'kuwonjezera chilango. Theka la malipiro lija litalowa, banki inameza pafupifupi lonse iwo asanalikhudze. Foni zinkakhala m'matumba a maepuloni, ndipo ina ikangolira, mzere wonse unkaima kupuma, mwini wake n'kuyang'ana, n'kupeza ndi uthenga wotsatsa nyimbo. Dalaivala wa galimoto ya nsalu ankati foni yake aipititsa kwa abusa akaipempherere.

Anthu anapeza njira zopirira, poti munthu sangalire mwezi wonse. Mai Simbi anayamba kuyenda pansi, kunyamuka kusanache bwino, nsapato zantchito zili m'jumbo kuti zisathe. Pofika ankayamba atsuka mapazi pa mpopi wa kuseri kwa boila, pamene pankakhala mzere wa oyenda pansi anzawo, akusekana kuti kampani yawalembetsa mpikisano wothamanga. Masana ankasonkha: wina kabuledi, wina mbatata ziwiri, wina masamba a tiyi, madzi otentha n'kutunga kwa Madala wa ku boila, nkhalamba imene inalowa ntchito chaka chimodzi ndi iwo. Lamulo la pa chakudyacho linali loti wotchula mawu oti malipiro atsuka makapu. Kwa eni nyumba Mai Simbi sankadikira kuti abwere kudzagogoda. Ankapita okha tsiku lisanakwane, n'kunena zoona, n'kusiya kangachepe kamene apeza posita zovala za anthu Lamlungu. Eni nyumbawo ankang'ung'udza koma ankalandira.

Komabe thupi silinamizidwa. Mutu unkawawa kuyambira kunkhongo. Tulo tinkabwera tating'ono, ndipo ankadzidzimuka akuwerengera ngongole. Tsiku lina anakalipira amuna awo chifukwa chotaya madzi a m'kapu, munthu wa dzanja limodzi, ndipo atatuluka panja analira ndi manyazi. Ku chipatala anawauza kuti magazi akuthamanga kwambiri, achepetse kuganiza. Anaseka. Mankhwala a amuna awo atatha, anapita kwa wakatapila, yemwe anafuna chikole, ndipo anasiya foni. Wailesi ndi amene anawaperekeza.

Pa nthawi yonseyi ankamumvera chisoni Wailesi kuposa mmene ankadzimvera okha. Gawo lawo la buledi ankalinyema pawiri n'kumuuza kuti akapatse ana. Anaona ndithu kuti masiku ena mng'ono wawoyo sankaima nawo pa mzere wa pa mpopi, ndipo mapazi ake ankafika oyera. Atamufunsa, iye anati pali mnansi wina wa galimoto amene amamutengako. Iwo anati Mulungu amudalitse mnansiyo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ku ofesi yoona za anthu apantchito, kumene timangoti ku leba, anapitako gulu. Anawalandira bwino, n'kuitanitsa bwana. Bwana anatumiza Kapitawo ndi lonjezo loti zonse zitheka mwezi usanathe. Mwezi unatha. A ku leba anati nkhaniyo ikhoza kupita ku khoti, koma anawachenjeza kuti asasiye ntchito mwachisawawa osatsata ndondomeko, chifukwa akatero apatsa bwana ndodo yowakwapulira. Mawu amenewo Mai Simbi anawasunga.

Ndiye Loweruka lina, pa tiyi wa kuseri kwa boila, Wailesi anaimirira. Anayankhula moto. Anati bwana wagula galimoto yatsopano, iye waiona ndi maso ake. Anati mahotela amalipira, dalaivala ndi mboni. Anati akutidyera masuku pamutu chifukwa tikubwerabe, koma onse atangokhala kunyumba kuyambira Lolemba, mahotela akasowa zoyala pabedi, ndalama zituluka tsiku lomwelo. Anthu anavomera ndi mkokomo, kenako onse anatembenukira kwa Mai Simbi, poti iwo ndi Madala ndiwo anali akuluakulu. Mai Simbi anakana. Anakumbutsa za chenjezo la ku leba, n'kunena poyera kuti ana inu mukachotsedwa mutaya zochepa, ine nditaya denga. Wailesi anawagwira dzanja pamaso pa onse.

"Asisi, angachotse kampani yonse? Mutu umodzi susenza denga. Inu mukabwera Lolemba, tonse mwatigulitsa. Ine ndizibwera kwanu kudzakuuzani mmene zikuyendera, poti foni mulibe."

Mawu oti kugulitsa anawalasa. Iwo kugulitsa anzawo? Anayang'ana Madala, Madala n'kugwedeza mutu kuti tiyeni. Anavomera.

Lolemba anadzuka nthawi yawo ya masiku onse, n'kukhala pamphepete pa bedi osadziwa chochita ndi manja. Anasesa, anachapa, anasambitsa amuna awo mosafulumira koyamba pa zaka zambiri. Amunawo anafunsa ngati zinthuzi zili bwino, iwo n'kuyankha kuti tili ambiri. Lachiwiri madzulo Wailesi anabweradi. Anakhala pa mpando wa alendo, anamwa tiyi wa shuga wotsiriza m'nyumbamo, n'kunena kuti kuntchito kuli zii, makina onse azima, bwana akutuluka thukuta, asisi limbani mtima, pofika Lachisanu agonja. Sanakhalitse. Mai Simbi anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumupatsa sopo wotsala kuti akachapire ana. Usiku umenewo anagona tulo tabwino.

Lachisanu m'mawa akuchokera kotunga madzi, anaona galimoto ya kampani itaima pa mphambano, ikudikira kuti idutse. Chitseko chakumbuyo chinali chosatsekeka bwino monga mwa masiku onse, ndipo m'katimo munali mabedishiti oyera, opindidwa, osanjidwa mpaka kudenga. Dalaivala atawaona anatsitsa galasi, n'kufunsa modabwa ngati apeza bwino. Anati Wailesi anauza anthu kuti asisi adwala ndipo sakufuna kuvutitsidwa.

Ndowa anaisiya pomwepo. Anayenda ulendo wonse uja ndi nsapato zapakhomo, ndipo asanafike n'komwe pageti anamva makina akulira. Mlonda, mwana amene iwo anamuphunzitsa kusita malaya ake a yunifolomu, anawaletsa kulowa, maso ali pansi. Pa benchi la pageti panali patakhala kale Madala wa ku boila, chipewa chili pa bondo.

Nkhani yonse anaimva pa benchipo, kwa dalaivala atabwerako. Lamlungu madzulo Kapitawo anaimbira anthu mmodzimmodzi. Aliyense anamutumizira kandalama pa foni, n'kumulonjeza malipiro a mwezi umodzi akangofika Lolemba, ndipo aliyense ankauzidwa kuti anzake onse avomera kale. Anthu a njala, ana ali pakhomo, mukanatani inu? Anabwera. Amene sanaimbiridwe anali awiri okha, a zaka zambiri aja, amene ndalama zawo zopumira zinkamuwawa bwana. Madala ankakhala kutali, ndipo mwana wawo atapita kukafunsa kwa Wailesi anauzidwa zomwezo, zoti makina azima. Ndipo Wailesi, anatero dalaivala akuyang'ana kumbali, malipiro ake sanachedwepo chiyambire mwezi wachiwiri. Ankalandirira ku ofesi, pamanja.

Masana Mai Simbi anaitanidwa m'kati. Kunali bwana, Kapitawo, ndi munthu wina wa tayi amene ankalemba. Anawafunsa ngati anapempha chilolezo chojomba. Ayi. Ngati anali ndi chikalata cha dokotala. Ayi. Ngati ndi zoona kuti iwo, monga wamkulu, ndiwo anavomereza zoti anthu anyanyale ntchito. Mai Simbi anati amene anayambitsa alipo, muitaneni. Anamuitana. Wailesi analowa epuloni ili m'chiuno, n'kuima pafupi ndi chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni mawu ake anali ochepa. Anati iye anangoyankhula mokwiya ngati wina aliyense, koma anthu anatsatira asisi.

Bwana anapepesa kwambiri. Anati malamulo ndi malamulo, bambo ake ndiwo anawalemba, iye sangawasinthe. Koma poti Mai Simbi ndi ngati mayi ake, sangawataye. Akasaina kuti anadzichotsa okha ndipo alibe mlandu ndi kampani, awalembanso Lolemba ngati wantchito watsopano, wa kontirakiti ya miyezi, ndipo malipiro a m'mbuyo aziwapatsa pang'onopang'ono. Za zaka zija, mwatsoka, zinathera pageti. Ngati mayi ake! Ine mawu amenewo amandinyansa mpaka lero.

Sanasaine tsiku limenelo. Anapita ku leba, ndipo anawauza mosabisa kuti mlandu wawo uli ndi mutu, chifukwa amene anayamba kuswa pangano ndi wosalipirayo, koma kujombako kwaufooketsa, ndipo ku khoti nkhani zotere zimatenga nthawi, mwina zaka. Anawalangiza kuti asasaine. Madala sanasaine, poti ali ndi ana ogwira ntchito, ndipo mpaka pano akuyendera mlanduwo. Mai Simbi anabwerera kunyumba n'kupeza eni nyumba ataima pakhomo, nkhani itawafika kale yoti ntchito yatha. Wantchito wosalandira anthu amamudikira, koma wochotsedwa samudikira. Wapagolosale naye anatumiza mawu. M'botolo la mankhwala a amuna awo munatsala tochepa.

Amuna awo sanawadzudzule. Anangoti njerwa siziola, mayi, denga lidzabwera. Koma onse awiri ankadziwa zaka zawo, ndipo ankadziwa kuti mvula ikubwerayi ipezanso makoma aja ali pamtetete.

Lolemba anayenda pansi, anatsuka mapazi pa mpopi, analowa mu ofesi n'kusaina. Anawapatsa epuloni yatsopano, ya mtundu wa oyamba kumene. Anthu m'mzere ankawapatsa moni osawayang'ana kumaso. Kapitawo anati abwerere pamalo pawo pa kale, poti palibe wina amene amathamanga ngati iwo awiri.

Wailesi anali ataima kale kumapeto kwa makina. Bedishiti yoyamba inatuluka ikufuka nthunzi. Mai Simbi anagwira nsonga zawo, iye zake. Anakoka, anakutumula, n'kuyenda kukakumana pakati. Zala zitakhudzana, Wailesi anayankhula motsitsa, mothamanga, kuti katundu wake anali atamutulutsira panja, ana anagona pakhonde, Kapitawo anamupeza akulira n'kumuuza kuti pali njira, ndipo iye sankadziwa kuti zifika pamenepa.

"Za anawo ndamva," anatero Mai Simbi. "Ukanandiuza, ndikanakuuza ndekha kuti landira. Koma Lachiwiri lija unabwera kwanga. Unakhala pa mpando wanga, alamu ako aja akukuyang'ana. Unamwa tiyi."

Nsonga imodzi inapulumuka m'manja mwa Wailesi, ndipo Mai Simbi anaiwakha isanakhudze pansi, chifukwa ikanabwerera kochapa akanadulidwa malipiro onse awiri.

"Gwira bwino nsalu, mayi," anatero.

Sanamutchulenso mng'ono wanga. Makina anatulutsa bedishiti ina, ndipo aliyense anabwerera kumbali yake kukagwira nsonga.